Foda ya Temp: zoti mufufute, ndi zoti muyambe mwaziona kaye

Kamzere kosonyeza malo pa disiki `C:` kakangofiira, malangizo oyamba amene munthu amalandira amakhala amodzimodzi: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `%temp%`, sankhani zonse ndi Ctrl+A, kenako fufutani. Malangizowa si olakwika. Nthawi zambiri amagwiradi ntchito, kompyuta imapeza malo, ndipo palibe chimene chimawonongeka. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti amaperekedwa ngati kuti zonse za m'foda ya Temp imene imatsegukayo, m'mene mapulogalamu amaika mafayilo a kanthawi, ndi zinyalala. Zambiri ndi zinyalala ndithu, koma osati zonse, ndipo zochepa zotsalazo ndi zimene munthu amalira nazo.

Anthu amafuna kuti ndiwapatse mndandanda wa maina: fayilo iyi fufutani, iyi ayi. Mndandanda wotero sungathandize, chifukwa fayilo yomweyo imene ili yofunika m'mawa uno ikhoza kukhala yopanda ntchito madzulo. Funso loyenera si dzina la fayiloyo, koma ngati pali amene akuidalirabe. Odalirawo alipo atatu: pulogalamu imene ili yotsegula, pulogalamu imene sinamalize kulowa m'kompyuta, ndi inu eni ake. Wachitatuyu ndi amene amaiwalika, ndipo ndikhalitsa pa iyeyu.

Tiyambe ndi malo. Mafoda a Temp alipo awiri. Yoyamba ndi ya munthu aliyense amene ali ndi akaunti pa kompyutapo, ndipo imakhala pa `C:\Users\dzina\AppData\Local\Temp`, pamene pali `dzina` pakhale dzina la akaunti yanu. Iyi ndi imene imatseguka mukalemba `%temp%`. Simuiona mukamayendayenda m'mafoda chifukwa `AppData` ndi yobisika. Yachiwiri ndi `C:\Windows\Temp`, imene Windows mwiniwake ndi mapulogalamu ogwira ntchito kuseri amagwiritsa ntchito, ndipo kuti mulowemo imakufunsani chilolezo cha woyang'anira kompyuta. Zonse ziwiri zili ngati benchi la kalipentala. Pabenchipo pali utuchi wambiri wofunika kusesa, koma pakhozanso kukhala mwendo wa mpando umene guluu wake sanaume. Pulogalamu iliyonse imayenera kuchotsa zake ikamaliza, koma ambiri sachotsa, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi kapena pulogalamu ikaima, zonse zimangotsala pomwepo. N'chifukwa chake fodayi imangokulirakulira.

Zimene mungafufute popanda mantha ndi zotsalira za ntchito imene inatha kale. Mafayilo othera ndi `.tmp` a miyezi yapitayo, monga aja oyamba ndi `~DF`. Mafayilo othera ndi `.log`, amene ndi kaundula chabe wa zimene pulogalamu inachita polowa, monga oyamba ndi `dd_vcredist` kapena `MSI`. Mafoda oyamba ndi `scoped_dir` amene Chrome ndi Edge amasiya. Mafoda ang'onoang'ono monga `is-4F7K2.tmp` kapena `nsa3B1C.tmp`, m'mene pulogalamu inamasuliramo katundu wake tsiku limene inkalowa. Amene amagwiritsa ntchito Photoshop adzapeza mafayilo otchedwa `Photoshop Temp` otsatana ndi manambala, ndipo imodzi yokha imatha kukhala ya ma GB angapo. Photoshop akatsekedwa bwinobwino mafayilowa amachoka okha, choncho mukawapeza iye ali wotseka, ndi otsalira tsiku limene anaima mwadzidzidzi, ndipo mukhoza kuwachotsa. Pa ma `.log` pokha ndinenepo: ngati pulogalamu ikukana kulowa ndipo mukufuna kupita nayo kwa katswiri, musawafufute kaye, chifukwa chimene chalakwika chalembedwa m'menemo.

Pa mapulogalamu otsegula, Windows amakutetezani pang'ono. Fayilo imene pulogalamu yaigwira imakana kufufutika, ndipo pamabwera uthenga woyamba ndi mawu akuti `The action can't be completed because the file is open in`. Apa yankho ndi limodzi: chongani pa `Do this for all current items`, kenako dinani `Skip`. Osalimbana nayo, osakasaka pa intaneti kachipangizo kokakamiza kuti ichoke. Pa makompyuta ambiri mudzakumana ndi `FXSAPIDebugLogFile.txt` imene imakana pafupifupi nthawi zonse. Ndi ya mbali ya Windows yoona za fakisi, kawirikawiri mulibe kanthu, ndipo sikukudyerani malo. Isiyeni.

Koma chitetezochi chili ndi malire ake. Windows amakaniza fayilo imene yagwiridwa pa mphindi imeneyo yokha. Pulogalamu ikhoza kulemba fayilo, n'kuisiya, ili ndi cholinga chodzaitenganso pakapita ola limodzi. Pakati pamenepo fayiloyo imafufutika popanda chenjezo lililonse. Mapulogalamu ena ang'onoang'ono amadzimasula okha m'foda yoyamba ndi `_MEI` nthawi iliyonse mukawatsegula, n'kumagwira ntchito kuchokera m'menemo. Mukafufuta ali mkati mogwira ntchito, mafayilo ogwiridwa amatsala, osagwiridwa amapita, ndipo pulogalamuyo imadzaima patsogolo pake ndi uthenga woti chakutichakuti sichikupezeka. Kuitseka ndi kuitsegulanso kumakonza vutolo, koma ntchito imene munali musanasunge yapita. Mankhwala ake ndi osavuta: tsekani zonse musanayambe kusesa.

Za pulogalamu imene sinamalize kulowa n'zofanana. Ikakuuzani kuti muyambitsenso kompyuta kuti imalize, nthawi zina imakhala itasiya mafayilo mu Temp ndipo yalembetsa kwa Windows kuti akadzayaka awasamutsire pamalo pake. Mukasesa musanayambitsenso, Windows amadzafika pamalopo n'kupeza palibe, ndipo pulogalamu ija kapena dilaiva ya pulinta imakhala yolowa theka. Dziwaninso kuti pa Windows 10 ndi 11 `Shut down` si chimodzimodzi ndi `Restart`. Pa makompyuta ambiri `Shut down` imasunga mbali ina ya Windows monga inalili kuti idzayake msanga, pamene `Restart` imayambitsa zonse mwatsopano. Musanasese, sankhani `Restart`.

Tsopano tifike pa inu eni ake, chifukwa apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Pulogalamu ikawonongeka mumailowetsanso. Chikalata chimene mwalemba milungu itatu simungachitenge kwina kulikonse.

Mlamu wanga ndi mphunzitsi wa kusekondale, ndipo laputopu yake ili ndi disiki ya 128 GB yokha ndi Windows 10. Anabwera nayo kamzere kali psuu, mapulogalamu akuchedwa kutseguka. Ndisanakhudze kalikonse, ndinatsegula foda ya Temp, n'kusankha kaonekedwe ka `Details` kuti mafayilo aoneke pamodzi ndi masiku ake, kenako ndinadina pa `Date modified` kuti atsopano abwere pamwamba. Pakati pa maina osamveka aja panali foda imodzi yomveka bwino: `Temp1_mayeso.zip`. M'kati mwake munali zikalata ziwiri za Word. Chimodzi chinali ndi tsiku la mwezi wathawo, china chinali chitasinthidwa dzulo lake.

Ndinamufunsa kuti, "Alamu, mayeso a Fomu 3 amene mukulemba aja mumawasunga kuti?"

Anayankha kuti, "Ali mu Word momwemo alamu. Ndikatsegula ndimangowapeza pamwamba."

Zimene zinachitika n'izi. Mnzake wa kuntchito anamutumizira mafunso pa imelo, atawamanga mu zipi, fayilo yothera ndi `.zip` yomangiramo mafayilo ena pamodzi. Windows amatsegula zipi ngati foda wamba, moti munthu saona kusiyana. Ukadina kawiri chikalata chili m'kati mwa zipi, Windows amachikopera mwakachetechete mu Temp, m'foda imene amaipatsa dzina la zipiyo, ndipo Word amatsegula kope limenelo. Kopelo limakhala loti n'longowerenga, ndiye mlamu atawonjezera mafunso ake n'kudina Ctrl+S, Word anamupempha dzina latsopano. Analemba dzina, n'kudina `Save`, osayang'ana kuti foda imene yasonyezedwa pamwamba ndi iti. Inali yomwe ija ya mu Temp. Kuyambira tsiku limenelo ankatsegula chikalatacho kudzera pa `Recent`, ndipo chinkatseguka bwinobwino, moti panalibe chomukayikitsa. Mu zipi ya ku `Downloads` munali mafunso oyambirira aja okha, opanda ngakhale mzere umodzi wa zimene iye analemba. Ctrl+A ndi kufufuta zikanatenga mayeso onse, ndipo Windows sakanakaniza, chifukwa Word anali wotseka.

Tinayamba takopera chikalatacho ku `Documents` ndi pa fulashi, tinachitsegula kuchokera kumeneko kuti titsimikize kuti n'chonse, kenako tinapitiriza kusesa.

Njira yodziwira ngati inunso muli m'vuto lomweli ndi yachidule. Mu Word kapena Excel, tsegulani chikalata chanu, pitani pa `File` kenako `Info`. Pansi pa dzina la chikalata pamaoneka malo amene chili. Mukaona `AppData\Local\Temp` penapake pa mzerewo, chisamutseni nthawi yomweyo ndi `Save As`. Amene amatsegula zipi ndi WinRAR ayang'ane mafoda oyamba ndi `Rar$DI`, a 7-Zip ayang'ane oyamba ndi `7zO`. Mapulogalamu awiriwa amafunsa ngati mukufuna kubwezera mu zipi zimene mwasintha, koma funsolo limabwera pokhapokha iwo akadali otsegula pamene mukutseka chikalata. Magetsi akazima pakati, zosinthazo zimatsala mu Temp mokha. Pa laputopu yakale palinso china: Firefox asanafike pa mtundu wa 98, umene unatuluka mu 2022, ankaika mu Temp fayilo iliyonse imene munasankha kuitsegula m'malo moisunga. Ndipo chizolowezi chimene chimathetsa zonsezi n'chakuti zipi ikabwera, dinani kumanja, sankhani `Extract All`, n'kugwira ntchito pa mafayilo omasulidwawo.

Ojambula mapulani a nyumba achenjere kwambiri. AutoCAD, ngati simunasinthe, amasunga makope ake a pangozi mu Temp mwenimweni, mphindi 10 zilizonse, m'mafayilo othera ndi `.sv$`. Mukatseka bwinobwino amawachotsa. Akaima kapena magetsi akazima amatsala, ndipo ndiwo chipulumutso chanu: mumakopera fayiloyo kwina, n'kusintha mathero ake kukhala `.dwg`, pulani ija n'kutseguka. Chomvetsa chisoni n'chakuti kompyuta ikangoima, chinthu choyamba chimene anthu ambiri amaganiza ndi kuiyeretsa kuti ipepuke, ndipo amafufuta chinthu chomwe chikanawabwezera ntchito ya tsiku lonse. Pulogalamu ikaima muli pakati pa ntchito, musakhudze Temp kufikira mutaitsegulanso ndi kuona zimene yapulumutsa. Word ndi wosiyana pamenepa. Makope ake a pangozi, othera ndi `.asd`, amakhala ku `AppData\Roaming\Microsoft\Word`, choncho kusesa Temp sikuwakhudza.

Ngati mafayilo ndi ochuluka moti maso sangathe kuwaona onse, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `cmd` kuti mutsegule zenera lolembamo malamulo, n'kulembamo mzere uwu. Sufufuta kalikonse, umangotchula zimene wapeza:

```
dir /s /b "%temp%\*.doc*" "%temp%\*.xls*" "%temp%\*.pdf" "%temp%\*.sv$"
```

Dzina lililonse limene mukulizindikira kuti ndi ntchito yanu, likopereni kwina. Pa laputopu ya mlamu uja panatulukanso mafayilo angapo a PDF amene anangowawerenga pa imelo. Amenewo tinawasiya kuti apite, chifukwa eniake akadali mu imelo.

Zikatere mukhoza kufufuta. Ine ndimayambitsanso kompyuta ndi `Restart`, osatsegula pulogalamu iliyonse, n'kusankha zonse zimene tsiku lake ladutsa sabata imodzi. Zatsopano ndimazisiya, chifukwa zimakhala zochepa ndipo ndi m'mene muli zinthu zimene zingakhale zikudikiridwabe. Sabata imodziyi sindinaipeke ndekha. Chida chakale cha Windows chotchedwa Disk Cleanup, chimene mumachitsegula polemba `cleanmgr`, chinkanena pa sikirini, pa Windows akale, kuti mafayilo a Temp osasinthidwa kwa nthawi yoposa sabata ndi amene angafufutidwe bwinobwino. Gwiritsani batani la Delete lokha, osati Shift+Delete. Delete amatumiza zinthu ku `Recycle Bin`, kumene mungazitengenso. Malo sabwerera kufikira mutakhuthula binilo, koma ndi bwino kugwiritsa ntchito kompyuta tsiku limodzi kapena awiri, n'kukhuthula mutaona kuti zonse zili bwino. Pa disiki za SSD, zimene zili m'malaputopu ambiri masiku ano, fayilo yofufutidwiratu siibwerera kawirikawiri ngakhale mutapita nayo kwa katswiri, chifukwa Windows amauza disikiyo kuti malowo sakugwiritsidwanso ntchito ndipo iyo imawayeretsa yokha. Fufutani za m'kati zokha. Foda ya `Temp` yeniyeniyo isiyeni, chifukwa mapulogalamu ena amakana kulowa akaipeza palibe.

Pa `C:\Windows\Temp` malamulo ndi omwewo, kungoti simungapezemo zikalata zanu. Chofunika n'kuonetsetsa kuti Windows Update sali pakati pa ntchito. Kwa anthu ambiri ndimakonda kuti fodayi aisiyire Windows mwiniwake, kudzera pa `Settings`, `System`, `Storage`, `Temporary files`. Koma pa tsamba limeneli werengani mzere uliwonse musanachonge. Pamndandandapo pali `Downloads`, ndipo nambala yake imakhala yaikulu mokopa. Imeneyo si foda ya zinyalala, ndi m'mene ambirife timasunga masatifiketi, zithunzi ndi mapulogalamu amene tinathera bandulo powadawuniloda. Palinso `Previous Windows installation(s)`, imene ndi foda ya `Windows.old`. Ndiyo imakulolani kubwerera ku Windows wakale pa masiku 10 oyamba mutaika Windows watsopano. Ngati watsopanoyo akuyenda bwino ndipo pulinta ikugwira, mukhoza kuichotsa, koma mukachotsa kubwerera kulibe. Zofufutidwa pa tsambali sizipita ku `Recycle Bin`. Dziwaninso kuti zida zimenezi, kuphatikizapo Storage Sense imene imasesa yokha mukaiyatsa, sizisiyanitsa chikalata cha mphunzitsi ndi chinyalala. Chikakhalitsa mu Temp osakhudzidwa, chikhoza kupita inu musanadine kalikonse.

Pali malamulo olemba amene amayenda m'magulu a WhatsApp, monga ili:

```
del /s /q "%temp%\*"
```

Likalembedwa ndendende chonchi limagwira, koma sindililimbikitsa. `del` sadziwa za `Recycle Bin`, ndipo `/q` amatanthauza kuti asakufunseni. Choopsa kwambiri ndi kulakwitsa polemba. Mukaiwala zizindikiro zogwira mawuzo n'kuika mpata pakati pa `%temp%` ndi `\*`, Windows amawerenga ngati malo awiri, ndipo achiwiriwo ndi disiki yonse kuyambira pamwamba. Komanso pa kompyuta yogula kwa munthu wina, mwini wakale akhoza kukhala atasintha kumene `%temp%` imaloza. Lembani `echo %temp%` kaye, muone ngati yankho likuthera pa foda ya Temp, osati pa `D:\` pamene pali zinthu zanu zonse.

Chinthu chimodzi chokha chokana kufufutika chimene sindichidumpha mwachisawawa ndi fayilo yothera ndi `.exe`, ya dzina losamveka, imene ikunenedwa kuti ili yotsegula pamene mwangoyatsa kumene kompyuta ndipo simukulowetsa pulogalamu iliyonse. Mavayirasi amakonda Temp chifukwa angalembemo popanda kupempha chilolezo. Sikuti iliyonse yotero ndi vayirasi, mapulogalamu ena amadzikonza okha kuchokera m'menemo. Koma tsegulani Task Manager, imene imasonyeza mapulogalamu amene akugwira ntchito, dinani kumanja pa dzina la fayiloyo, sankhani `Open file location` kuti mutsimikize kuti ndi yomweyo, kenako yendetsani `Full scan` mu Windows Security. Kuifufuta kokha sikuthandiza ngati chimene chimaibweretsa chikadali m'kompyuta.

Temp ikatha kuseseka koma malo akadali ochepa, anthu amayamba kuyang'ana mafoda ena aakulu, ndipo apa ndiye pamawonongeka zambiri. `C:\Windows\Installer` ndi yobisika, ili ndi mafayilo a maina osamveka othera ndi `.msi` ndi `.msp`, ndipo imaoneka ngati Temp ndithu. Si Temp. Windows amaifuna pokonza, pokweza ndi pochotsa mapulogalamu monga Office, ndipo za m'menemo n'zosiyana pa kompyuta iliyonse, moti simungakopere kwa mnzanu. Mukaifufuta simuona vuto lero. Mudzaliona tsiku limene pulogalamu idzakane kuchoka kapena kukwezedwa. `C:\ProgramData\Package Cache` ndi chimodzimodzi. `C:\Windows\WinSxS` musaikhudze ndi dzanja, imachepetsedwa kudzera pa `Windows Update Cleanup` mu Disk Cleanup. Ndipo `Prefetch`, imene mavidiyo ambiri amaiphatikiza pa malangizo a `%temp%`, ndi yaing'ono ndipo ntchito yake ndi kufulumizitsa mapulogalamu potseguka. Kuifufuta sikuwononga Windows, koma malo amene mumapeza ndi ochepa kwambiri, ndipo kompyuta imayamba yachedwa kufikira itailembanso.

Komaliza, pali Temp ina imene imagwira ntchito mosemphana ndi zonsezi. Akaunti yanu ikalephera kutseguka bwino, Windows amakulowetsani pa akaunti yongoyembekezera, ndi uthenga wakuti `You've been signed in with a temporary profile`, ndipo foda yake nthawi zambiri imakhala `C:\Users\TEMP`. Sikirini imaoneka yachilendo, mafayilo anu sakuoneka, ngakhale ali bwinobwino m'foda ya dzina lanu pansi pa `C:\Users`. M'menemu simufunika kufufuta kalikonse, chifukwa Windows amafufuta yekha zonse mukangotuluka, kuphatikizapo zimene mwasunga pa `Desktop` ndi mu `Documents` nthawi imeneyo. Mukaona uthengawu ndipo mwalemba kale kanthu, kasungeni pa fulashi musanadine `Restart`.